Wawina, koma ndalama sizikutuluka: msampha wa VPN ndi dzina labodza pobetcha

Mu Meyi 2017, Gordon Vayo, katswiri wa ku America wa masewera a makhadi otchedwa poka, adapambana mpikisano wa pa intaneti wa kampani ya PokerStars. Mphoto yake idali madola oposa 692,000. Sadali mlendo pa juga, pakuti chaka cha 2016 adakhala wachiwiri pa mpikisano waukulu wa poka ku Las Vegas n'kupita kwawo ndi madola oposa 4 miliyoni. Ndalama za ulendo uno zidalowa mu akaunti yake, amaziona ndi maso ake pa kompyuta, ndipo dzina lake lidalengezedwa kuti ndiye wapambana. Koma atati azitape, akaunti idatsekedwa.

Kampaniyo sidanene kuti adabera makhadi. Funso lake lidali limodzi lokha: pamene ankasewera, adali kuti?

Nthawi imeneyo PokerStars sinkaloledwa kulandira osewera okhala m'zigawo zambiri za dziko la America, kuphatikizapo California kumene Vayo ankakhala. Idachoka pa msika wa dzikolo mu Epulo 2011 boma litailanda tsamba lake la pa intaneti, ndipo idali itangololedwa kubwerera m'chigawo cha New Jersey chokha. Ku Canada kunkaloledwa. Vayo adati mpikisano wonse adasewerera ku Canada. Kampani idati makina ake akuonetsa kuti ankalowa ali ku America, ndipo nkhani ya VPN ndiyo idali pakati pa mkanganowo. Adapereka zikalata za ku banki ndi za kampani ya intaneti zoonetsa kuti adalidi ku Canada, ndipo mu Meyi 2018 adakasuma kukhoti ku California. Mu Novembala chaka chomwecho, PokerStars itanena kuti zina mwa zikalatazo zidachita kusinthidwa, Vayo adauchotsa mlanduwo. Khoti silidagamule kuti woona ndani, koma mphoto ija sadailandire.

Ndayamba ndi nkhani yakutaliyi chifukwa munthu ameneyu adali ndi ndalama, maloya komanso dzina lotchuka, koma zonsezo sizidamuthandize. Nanga mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Kawale amene akubetcha pa foni yong'aluka galasi, dzina la pa akaunti ndi la msuweni wake, dziko adalembapo lina, iyeyo akaimira pati?

VPN ndi pulogalamu imene imatenga zonse zimene foni yanu ikutumiza pa intaneti n'kuzidutsitsa kaye pa kompyuta ina ya kutali. Chipangizo chilichonse chikalowa pa intaneti chimakhala ndi nambala yotchedwa IP, ndipo nambala imeneyi imaulula dziko ndi kampani imene yakupatsani netiweki. Mukayatsa VPN, tsamba limene mwatsegula limaona nambala ya kompyuta yakutali ija m'malo mwa yanu. Muli pa Chilobwe, koma tsambalo likuona ngati muli ku London. Payokha pulogalamuyi si yoipa ayi. Mabanki ndi makampani ambiri amaigwiritsa ntchito poteteza zinsinsi za ntchito yawo. Vuto limabwera pamene yagwiritsidwa ntchito ngati chigoba chonamizira kampani yobetchetsa za kumene munthu ali.

Wina angafunse kuti kampani ikukaniranji kasitomala wobwera ndi ndalama. Yankho lili pa layisensi. Juga ndi bizinesi yololedwa dziko ndi dziko. Kuno kwathu wopereka chilolezo ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, lodziwika kuti MAGLA, motsatira lamulo la 2022. Ku Britain kuli Gambling Commission. Ku South Africa zilolezo zobetchetsa zimaperekedwa ndi mabungwe a m'zigawo. Layisensi ya dziko limodzi siipatsa kampani ufulu wobetchetsa anthu a dziko lina lililonse, ndipo kampani imene yalandira anthu a dziko loletsedwa ikhoza kulipitsidwa chindapusa chachikulu kapena kulandidwa chilolezo. Pamwamba pa izi pali malamulo oletsa kubisa ndalama zopezeka mwachinyengo, onga lamulo lathu la Financial Crimes Act la 2017, amene amakakamiza makampani oyendetsa ndalama kudziwa bwino munthu amene akuchita naye malonda. Choncho kampani yolipira munthu amene sikumudziwa, kapena amene ali kumene siiloledwa, ikudziika yokha pa moto. Pakati pa layisensi yake ndi tikiti yanu, idzasankha layisensi.

Ndiye pali kabokosi kaja kamene tonse timangochonga polembetsa osawerenga. Pochonga pamenepo mwasainira mgwirizano. Pafupifupi kampani iliyonse yobetchetsa imalemba mfundo zofanana m'malamulo ake: kuti zonse zimene mwapereka zokhudza inu n'zoona, kuti muli ndi zaka zosachepera 18, kuti mukubetcha nokha ndi ndalama zanu osati m'malo mwa munthu wina, kuti muli ndi akaunti imodzi yokha, ndiponso kuti simuli m'dziko loletsedwa kapena kubisa kumene muli. Kenako pamabwera ndime yonena kuti mukaphwanya imodzi mwa mfundozi, kampani ili ndi mphamvu yotseka akaunti, kufafaniza mabetcha ndi kulanda zimene mwawina. Tikiti yanu ili ndi mphamvu chifukwa cha mgwirizano umenewu basi. Mgwirizanowo ukakhala kuti udamangidwa pa bodza, tikitiyo ndi chithunzi chabe cha pa foni.

Chimene chimapusitsa anthu ambiri n'chakuti polowa sipakhala vuto. Tsamba latseguka, akaunti yatheka, ndalama zalowa, mabetcha akuyenda, mwinanso kandalama kochepa katulukapo kamodzi kapena kawiri. Munthu amaganiza kuti wawapusitsa. Chimene sakudziwa n'chakuti pa masamba ambiri, makamaka akunja, mlonda weniweni saima pa khomo lolowera. Amaima pa khomo lotulukira.

Tiyerekeze ndi mnyamata wa ku Lilongwe. Wamva kwa anzake kuti tsamba lina lakunja limapereka maodi apamwamba ndi bonasi yonona, koma akalitsegula likumuuza kuti silipezeka m'dziko lake. Akuika VPN yaulere, akusankha dziko lina la ku Ulaya, tsamba likutseguka. Pa fomu yolembetsa Malawi palibe pa mndandanda wa maiko, ndiye akusankha dziko lomwe lija. Adiresi akuitenga pa intaneti, ya hotelo ina imene sadaionepo. Dzina akulemba la mchimwene wake amene ali kunja, poganiza kuti zimveka bwino. Ndalama akupereka kwa munthu wina wa m'tauni amene ali ndi khadi yolipirira zinthu kunja, iyeyo n'kumuikira mu akaunti.

Kwa miyezi itatu akuluza pang'onopang'ono, ndipo palibe womufunsa kanthu. Loweruka lina akumanga tikiti ya magemu asanu ndi atatu, maodi onse pamodzi 150, n'kuikapo ndalama yofanana ndi K20,000. Magemu onse akulowa. Pa foni pakuoneka ndalama yofanana ndi K3,000,000. Usiku umenewo tulo sitikubwera. Wagula kale mbereko mwana asanabadwe: njinga yamoto yoti aziyendetsa kabaza, malata a mayi kumudzi, lendi ya miyezi ingapo. M'mawa akudina potapira ndalama, ndipo m'malo mwa ndalama pakubwera uthenga wakuti `Account under review`, kutanthauza kuti akaunti ikufufuzidwa.

Apa ndiye payambira chimene makampani amachitcha KYC, ndiko kutsimikiza kuti kasitomala ndi ndani. Kawirikawiri amafuna zinthu zinayi: chithunzi cha pasipoti kapena chiphaso cha boma, umboni wa kumene mukukhala monga bilu ya magetsi kapena sitetimenti ya ku banki yosapitirira miyezi itatu, chithunzi cha khadi imene idaika ndalama, ndi chithunzi cha nkhope yanu mutagwira chiphasocho. Ena amafuna kuti muyang'ane kamera n'kutembenuza mutu uku ndi uku, kuti makina aone kuti ndi munthu wamoyo osati chithunzi.

Taganizani mnyamata uja ataima pamenepa. Akatumiza chiphaso chake chenicheni cha unzika, dzina silikugwirizana ndi la pa akaunti, dzikonso ndi loletsedwa, ndiye kuti wadziulula yekha. Akapempha mchimwene wake kuti atumize pasipoti, dzina ligwirizana, koma adiresi ya hotelo ija ilibe bilu ya dzina lake, khadi yoika ndalama ndi ya munthu wachitatu, ndipo foni imene yakhala ikubetcha miyezi yonseyi si imene ikutumiza nkhope. Kutsala njira yachitatu, imene anzake ena amulangize: kupeza wodziwa kompyuta kuti asinthe dzina ndi adiresi pa sitetimenti ya ku banki. Njira imeneyi ndiyo yoopsa kuposa zonse. Poyamba adali munthu wophwanya mgwirizano ndi kampani, koma tsopano wakhala wopeka zikalata, umene ndi mlandu wa kupolisi m'dziko lililonse. Kumbukirani kuti mlandu wa Vayo udathera pa nkhani ya zikalata yomweyi.

Patapita masiku kukubwera kalata yaifupi yotchula nambala ya ndime ya malamulo imene waphwanya. Akaunti yatsekedwa, mabetcha afafanizidwa. K20,000 ya tikiti ija ena amabweza, ena sabweza, zimatengera zimene adalemba m'malamulo awo, ndipo akati abweze amabwezera ku khadi imene idaika, ya munthu wa m'tauni uja. Zimene adaluza miyezi itatu ija, kawirikawiri palibe amazitchula n'komwe.

Apa m'pamene mtima wanga umawawira. Kubetcha kulikonse kuli kale ndi masamu okomera kampani, koma wobetcha moona amadziwa kuti tsiku lina zikamuyendera alandira. Wobetcha ndi dzina labodza alibe ngakhale mwayi umenewo. Akaluza, ndalama zapita. Akawina zambiri, sazilandira. Miyezi yonse ija mnyamatayu ankalipirira matikiti amene sakadatha kumupatsa njinga yamoto ija ngakhale magemu atalowa chotani.

Kodi amadziwa bwanji? Anthu amaganiza kuti VPN imabisa zonse, pamene imangosintha chinthu chimodzi, nambala ya IP ija. Ndipo nambala zimene makampani a VPN amagwiritsa ntchito n'zodziwika, chifukwa zambiri ndi za nyumba zazikulu zosungiramo makompyuta, osati za m'makomo mwa anthu. Pali makampani amene ntchito yawo ndi kusonkhanitsa nambala zoterezi n'kumagulitsa mndandanda wake kwa obetchetsa ndi mabanki. VPN yaulere imaposa apo, chifukwa anthu mazanamazana amadutsira pa nambala imodzi, ndipo kampani ikaona maakaunti ambiri akuchokera pa nambala imodzi imayamba kukayika onsewo. Komanso netiweki yathu mukuidziwa mmene imadukiradukira. VPN ikaduka kwa masekondi ochepa tsamba lili chitsegukire, foni ikhoza kulumikizana mwachindunji, nambala yeniyeni ya ku Malawi n'kulembedwa. Munthu amene adali ku Ulaya mphindi ziwiri zapitazo waoneka ali ku Lilongwe. Kamodzi kokha n'kokwanira, ndipo zolembedwazo sizifufutika. Zimangokhala phee kudikira tsiku lotapa ndalama.

Foni nayo ili ndi pakamwa. Imauza tsamba nthawi ya dera limene ili, chilankhulo chimene idatcheredwa, mtundu wake ndi kukula kwa galasi lake. Zonsezi zikaphatikizidwa zimakhala ngati chidindo cha chala, chimene chimathandiza kampani kuzindikira foni yomweyo ngakhale itabwera ndi dzina lina. Apu yoikidwa mu foni ikhoza kupempha kuona malo kudzera pa GPS, ndipo pamenepo VPN ilibe mphamvu. Ndalamanso zimasiya mapazi: manambala oyambirira a pa khadi ya banki amaonetsa banki ndi dziko limene idachokera. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Pa intaneti ngakhale phazilo limakutsata.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya masamba akunja okha. Bodza lofala kwambiri kuno kwathu silifuna VPN n'komwe, ndipo ambiri olichita saliona ngati bodza. Kuyambira 2018 simukhadi iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, ndipo anthu ambiri mpaka lero akugwiritsa ntchito nambala yolembetsedwa m'dzina la mayi awo, amuna awo kapena bwenzi lakale. Akaunti yobetchera imamangidwa pa nambala ya foni, ndalama zikulowa ndi kutuluka pa Airtel Money kapena Mpamba. Tindalama ting'onoting'ono timatuluka tokha popanda wofunsa. Koma ikagwa mphoto yaikulu, yofuna kuti munthu aonekere ndi chiphaso, mwini wa ndalamazo pamaso pa kampani ndi mwini dzina. Ngati mwini dzinayo adamwalira, kapena mudasemphana, kapena wangoganiza zoti ndalamazo ndi zake, mudzalira ndi ndani? Ndipo ngati mwini dzina avomera moona mtima kuti wobetcha sadali iye, kampani yapeza chifukwa chokanira nonse awiri.

Zoterezi zidachitikapo pa ndalama zochuluka zedi. Mu 2007 akaunti ya dzina loti TheV0id idapambana mpikisano waukulu wa pachaka wa PokerStars, mphoto yoposa madola 1.2 miliyoni. Kampani itafufuza idapeza kuti amene ankasewera sadali mayi amene dzina lake lidali pa akauntiyo. Mphotoyo idalandidwa n'kugawidwa kwa osewera ena. Mayiyo adasuma ku Isle of Man, kumene kampaniyo idali, koma mu 2008 adauchotsa mlanduwo.

Wonama zaka ndiye alibiretu poyambira. Ku Britain lamulo la juga la 2005 limanena mosabisa kuti kampani ikazindikira kuti wobetcha sadakwane zaka 18, imubwezere ndalama imene adaika koma isamupatse mphoto. Chimodzimodzi wotsegula akaunti yachiwiri ndi yachitatu m'maina a abale kuti alandirenso bonasi ya olowa kumene: chidindo cha foni chija chimawalumikiza maakaunti onsewo, ndipo akagwa amagwera limodzi.

Abale athu a ku Joni ali ndi chawo chowonjezera. Makampani ovomerezeka kumeneko amafuna zikalata za FICA, ndipo amene mapepala ake sali bwino amakopeka kubwereka chiphaso cha mnzake wa konko. Tsiku lowina, ndalama zimapita ku banki ya mwini chiphaso. Komanso ku South Africa kubetcha pa masewera n'kololedwa pa makampani a layisensi ya konko, koma makasino a pa intaneti akunja ndi oletsedwa, ndipo lamulo la juga la 2004 limalola kuti ndalama zowina pa juga yoletsedwa zigwidwe n'kuperekedwa ku boma kudzera kukhoti. Kumeneko ngakhale tsamba lakunja litalipira, ndalamazo zikhoza kuimitsidwa pa banki.

Sindikufuna kuwayeretsa makampaniwa. Khalidwe lolandira ndalama za munthu miyezi ndi miyezi osafunsa kanthu, n'kudzakumbukira malamulo tsiku limene wawina, ndi loipa, ndipo ena amalichita dala. Ngati makina awo amatha kuzindikira VPN tsiku lotapa, akadathanso kuizindikira tsiku loika. Ku Britain adaliona vutoli, ndipo kuyambira Meyi 2019 makampani a layisensi ya kumeneko amayenera kutsimikiza dzina, adiresi ndi zaka za munthu asanamulole kubetcha, ndipo saloledwa kudikira tsiku lotapa ndalama kuti afunse zimene akadafunsa kale. Umo ndi mmene ziyenera kukhalira paliponse. Koma chitetezo chotere chimathandiza munthu amene adanena zoona. Amene adalowa ndi dzina la wina sangakadandaule kuti sadamufunse msanga.

Ndipo akadandaula kuti? Munthu amene wakanizidwa ndalama ndi kampani ya layisensi ya kuno akhoza kupita ku ofesi yake, akhoza kulembera MAGLA, akhoza kupita kukhoti. Tsamba lakunja lopanda layisensi ya kuno MAGLA ilibe nalo mphamvu. Ambiri mwa masamba amene amalandira aliyense mosafunsa adalembetsedwa ku zilumba zakutali monga Curaçao. Ngakhale mutapeza kolembera, chiganizo choyamba cha dandaulo lanu chidzakhala kuvomera kuti mudanama dziko kapena dzina, ndipo nkhani idzathera pomwepo.

Palinso anthu osalakwa amene amakodwa. Wina amasiya VPN ili chiyakire chifukwa cha ntchito kapena pofuna kuonera mafilimu, n'kutsegula apu yobetchera osaganizako. Wina ali ndi akaunti yoona ku Britain, wabwera kumudzi pa tchuthi, tsamba likukana, ndiye akuyatsa VPN kuti aoneke ngati sadachoke. Woyambayo ali ndi pothawira, chifukwa dzina, chiphaso ndi nambala yake zonse n'zoona, ndipo akafotokoza msanga makampani abwino amamva. Wachiwiriyo wabisa dala kumene ali, ngakhale akauntiyo ndi yake.

Ngati mumabetcha, tengani foni yanu lero, musanawine kanthu. Yerekezani dzina la pa akaunti ndi la pa chiphaso chanu komanso limene limaoneka munthu akamakutumizirani ndalama pa nambala yanu. Atatuwo akhale amodzi, chilembo ndi chilembo. Ngati simukhadi ili m'dzina la wina, pitani naye ku ofesi ya kampani ya foni mukasinthe umwini. Ngati mudalakwitsa tsiku lobadwa kapena kalembedwe ka dzina, lemberani kampani yobetchetsayo ikonze pamene mu akaunti mulibe ndalama zokanganirana, ndipo sungani yankho lawo. Tsikirani pansi pa tsamba muone ngati patchulidwa layisensi ya dziko limene muli. Ndipo tsamba likakuuzani kuti silipezeka m'dziko lanu, musalikakamize ndi VPN. Litsekeni, ndalama yanu ikadali m'thumba.